CIWERENGERO CA DZIKO SICINENA ZA NYIMBA

Pa kufufuza za umoyo wa anthu kumene kunacitika m'dziko lonse la Zambia m'caka ca 2018, kunapezeka kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osafika zaka zisanu ndi opinimbira, ndiko kuti msinkhu wao ndi wocepa poyerekeza ndi zaka zao cifukwa ca kusowa zakudya zoyenera ndi kudwaladwala. M'cigawo ca Kum'mawa ciwerengeroco cinali 34. Pamene kufufuza kotere kunacitikanso m'caka ca 2024, ciwerengero ca dziko cinatsika kufika pa 32. Koma khansala wa ku Nyimba kapena mlangizi wa za umoyo ku Petauke akatsegula buku la zotsatira za 2018 kufuna ciwerengero ca boma lace, sacipeza. Bukulo limalekeza pa zigawo khumi za dziko. Ena amayesa kuti akulu a ku Lusaka anaiwala maboma kapena anabisa zotsatira zao. Coonadi cace n'cakuti nkhaniyi inathera pa tsiku limene anapangana kuculuka kwa makomo oti acezeredwe, nchito isanayambe n'komwe.

Kufufuza kotere sikufanana ndi kalembera. Kalembera amafika pa khomo lililonse, monga anacitira m'caka ca 2022 pamene anapeza anthu oposa 19 miliyoni. Koma kupima mwana aliyense pa thabwa ndi pa sikelo m'dziko lonse n'kosatheka, kotero bungwe la ZamStats, limene kale linali ofesi yaikulu ya ziwerengero, limasankha makomo owerengeka kuti aimire onse. M'caka ca 2018 linasankha timadera 545 mwa timadera timene kalembera anagawa dziko, ndipo m'kadera kalikonse linasankha makomo 25. Onse pamodzi anali makomo 13,625. Kwa dziko ndi kwa cigawo, makomowa ndi okwanira bwino. Koma akagawidwa pa maboma 116 a Zambia, boma lililonse lingolandira makomo 117, amene safika ngakhale timadera tisanu.

Nyimba ingalandire zingati?

Boma la Nyimba linali ndi anthu pafupifupi 136,000 pa kalembera wa 2022, ndipo Petauke anali ndi pafupifupi 260,000. Makomo 13,625 aja atagawidwa molingana ndi kuculuka kwa anthu, Nyimba ingapeze makomo pafupifupi 95, ndiko kuti timadera tinai. Si khomo lililonse lili ndi mwana wosafika zaka zisanu. Pa kufufuza kwa 2018 panapimidwa ana atatu pa makomo anai alionse, mongoyerekeza, kotero makomo 95 angapereke ana 70 okha. Funso tsono ndi ili: kodi ana 70 anganene za ana onse a m'dziko la Mfumu Ndake, Luembe, Nyalugwe ndi Mwape?

Anganene, koma mau ao ndi osamveka. Ciwerengero ciliconse cocokera pa anthu osankhidwa cimakhala ndi mpata wa kuphonya, cifukwa gulu lina la ofufuza likasankha makomo ena lidzapeza ciwerengero cosiyanako. Akatswiri amayesa kukula kwa mpatawo, ndipo amauchula motere: ciwerengero ndi 34, koma coona cingakhale kumwamba kapena pansi ndi zakutizakuti. Amauika pa muyeso wakuti kufufuzako kutabwerezedwa ka 20, ka 19 coona cidzagwera mkati mwa mpatawo. Pa ana 70 a m'timadera tinai, mpata umenewu uli pafupi ndi 16 mbali iyi ndi 16 mbali inayo. Ndiye kuti ofufuza akapeza 34, coona cingakhale pali ponse kuyambira 18 kufikira 50. Pa 18 boma likadakhala limodzi la maboma amene ana ali bwino koposa m'Zambia. Pa 50 likadaposa zigawo zobvutika kwambiri za kumpoto. Ciwerengero cimene sicitha kusiyanitsa ziwirizi siciyenera kusindikizidwa, ndipo anacita bwino kusacisindikiza.

Izi zili ndi kanthu cifukwa ndalama tsopano zimagawidwira pafupi ndi midzi. Thumba la citukuko la CDF linakwezedwa m'caka ca 2022 kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo akhonsolo apatsidwa mphamvu zambiri pa zaumoyo. Amene akugawa ndalamazi akamagwiritsa nchito 34 wa cigawo conse, akuyesa Nyimba ndi muyeso umene mbali yaikulu unapangidwa ndi ana a ku Chipata, Lundazi ndi Katete.

Masamu a boma limodzi

Njira yokonza izi ndi kuyamba mapulani kucokera pansi. M'malo mofunsa kuti dziko lifuna makomo angati, okonza ayenera kufunsa kuti boma limodzi lifuna angati, kenaka n'kuonkhetsa maboma onse. Asanagwire pensulo ayenera kugwirizana zinthu ziwiri. Coyamba ndi ciwerengero cimene akuciyembekeza, ndipo pa kupinimbira ku Nyimba angabwereke 34 wa cigawo. Caciwiri ndi mpata umene angaupirire. Ici sicigamulidwa ndi masamu. Cigamulidwa ndi amene adzagwiritsa nchito zotsatirazo, poona kuti kuphonya kotani kungawasokeretse pa nchito yao. Ambiri amasankha 5 kumwamba ndi 5 pansi, kotero kuti 34 atanthauze kuti coona cili pakati pa 29 ndi 39.

Masamu ace mwana wa sekondale angawathe. Ana 34 opinimbira acurukitsidwa ndi ana 66 otsala pa 100, kenaka ndi 4, ndipo yankho ligawidwa ndi mpata utacurukitsidwa ndi mwini wace:

4 × 34 × 66 ÷ (5 × 5) = 359

Nambala 4 ndiyo imaimira citsimikizo cija ca ka 19 pa ka 20. Kotero Nyimba ifuna ana pafupifupi 360. Ngati palibe amene adziwa ciwerengero coyembekezeka, aikapo 50 ndi 50, pakuti pamenepo yankho limakula koposa, ndipo limakhala 400.

Wowerenga wachuchuchu aona kuti m'masamuwa mulibe malo olembapo kuculuka kwa anthu a m'boma. Sikuiwala ai. Petauke ali ndi anthu pafupifupi kawiri kuposa Nyimba, koma nayenso afuna ana 360 omwewo, ndipo dziko lonse la Zambia likadafuna 360 omwewo pa mpata womwewo. Mai wolawa mcere m'ndiwo amatapa cipande cimodzi, kaya mphika ndi wa banja kaya ndi wa pa maliro, malinga wabvundula bwino. Cimene sangathe ndi kulawa mphika wace n'kunena za mcere wa m'mphika wa mnansi. Miphika ikakhala 116, kulawa kukhalanso ka 116. Apa ndi pamene pagona mtengo wonse wa ziwerengero za maboma. Kuculuka kwa anthu kumayamba kucepetsa yankho pokhapo pamene osankhidwa ali mbali yaikulu ya onse, monga pofufuza mudzi umodzi kapena sukulu imodzi, koma pa boma la anthu zikwi zambiri sikusintha kanthu koti munthu n'kukaona.

Koma 360 si mapeto. Nambala imeneyi ikhala yoona ngati mwana aliyense watoledwa payekha mwa maere m'boma lonse, wina ku Kacholola, wina m'cigwa ca Luangwa, wina pa boma peni peni. Palibe galimoto kapena mafuta angakwanire ulendo wotere, n'cifukwa cace ofufuza amatenga makomo 25 pamalo amodzi. Tsono ana a m'mudzi umodzi amafanana. Amamwa madzi a citsime cimodzi, mvula ikabvuta imabvuta minda ya makolo ao onse, ndipo cipatala cikakhala kutali ciri kutali kwa onsewo. Mwana wacikhumi wopimidwa m'mudzi womwewo sabweretsa nkhani yatsopano monga angabweretsere mwana wa kutsidya la mtsinje. Mphikawo sunabvundulidwe bwino. Pofuna kulipira kufananaku, okonza amacurukitsa ciwerengero, ndipo pamene palibe muyeso wocokera ku kufufuza kwakale amazolowera kucurukitsa kawiri. Ana 360 asanduka 720. Ndi cifukwa comweci ana 70 a Nyimba aja anali ndi mphamvu ya ana 35 okha.

Cotsatira ndi kusandutsa ana kukhala makomo, pakuti m'ndandanda wa ofufuza mumalembedwa makomo. Pa muyeso wa ana atatu pa makomo anai, ana 720 afuna makomo 960. Kumidzi ana amaculukirapo kuposa m'matauni, kotero muyesowu uli ndi kapolepole. Pamwamba pa izi pali makomo amene sadzapezeka: ena apita kumunda kukagonera, ena ali ku maliro, ena asamuka, ena akana. Akayembekeza kutaya makomo asanu pa 100 alionse, 960 akwera kufika pa 1,010. Pogawa ndi 25, apeza timadera 41, ndiko kuti makomo 1,025 m'boma la Nyimba lokha, ndi ena 1,025 m'boma la Petauke. Maboma awiri okhawa atenga makomo 2,050. Maboma onse 116 angatenge makomo 118,900, pafupifupi kasanu n'kanai kuposa kufufuza konse kwa 2018.

Anzathu a ku Malawi anayenda njira imeneyi. Pa kufufuza kwao kwa 2015 ndi 2016 anasankha timadera 850 ndi makomo oposa 27,000, ndi colinga cakuti boma lililonse likhale ndi ziwerengero zace. Malawi ali ndi maboma 28, kotero boma limodzi linalandira makomo pafupifupi 1,000 mongoyerekeza, cimene cikugwirizana ndi masamu a Nyimba. N'cifukwa cace munthu wa ku Mchinji, kutsidya kwa malire a Mwami, amatha kuwerenga ciwerengero ca boma lace m'buku, pamene mbale wace wa ku Petauke satha. Kusiyana kwace ndi kuculuka kwa maboma. Zambia inali ndi maboma 72 kufikira 2011, ndipo boma lililonse latsopano limaonjezera makomo cikwi pa ngongole imeneyi. Petauke yemwe anabala Nyimba, anapereka mbali ya dziko lace ku Sinda mu 2012, ndipo mu 2018 anabalanso Lusangazi.

Pamene ndalama sizikwana

Njira yoyamba imene imabwera m'mutu ndi kukulitsa mpata. Apa masamu ali ndi cifundo codabwitsa, pakuti mpata umacurukitsidwa ndi mwini wace. Ukakwera kucoka pa 5 kufika pa 10, ana ofunika satsika ndi theka, koma atsala gawo limodzi la magawo anai: 720 asanduka 180, ndipo makomo atsika kufika pafupifupi 250. Maboma 116 angafune makomo 29,000, amene dziko lingawakwanitse. Mbali inayo ndi yowawa cimodzimodzi: wofuna mpata wa 2 ndi theka ayenera kupima ana 2,880 m'boma limodzi. Aliyense wopempha ciwerengero cakuthwa pa msonkhano wa khonsolo ayenera kudziwa kuti kudula mpata pakati kumafuna ndalama kanai.

Mpata wa 10 uli ndi nchito yace. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse linafalitsa njira yoyesera katemera wa ana, yotenga timadera 30 ndi ana asanu ndi awiri m'kadera kalikonse, onse pamodzi 210. Nambala imeneyi inacokera m'masamu omwewa, pa 50 ndi 50, mpata wa 10, ndi kucurukitsa kawiri. Njirayi inatha kuonetsa boma limene katemera wafikira theka la ana ndi boma limene wafikira ana asanu ndi atatu pa khumi. Koma pa kupinimbira, kumene zigawo zambiri zimasiyana ndi manambala ocepa, kunena kuti Nyimba ili pakati pa 24 ndi 44 n'kosathandiza kweni kweni. Ndipo pali msampha: makomo 250 akatengedwa 25 pamalo amodzi apereka timadera khumi tokha, ndipo timadera khumi sitingaimire boma limene lili ndi mseu waukulu, mapiri ndi cigwa. N'kwabwino kutenga makomo khumi m'timadera 25, ngakhale mafuta a galimoto adzakwera. Pa makomo ofanana kuculuka, timadera tambiri tating'ono timanena zoona kuposa timadera towerengeka tatikulu.

Pali cinthu cina cimene akhonsolo kawiri kawiri saciyembekeza. Ngakhale pa makomo 1,025, kuyerekeza maboma awiri kumafuna kusamala koposa. Zotsatira zitaonetsa 36 ku Nyimba ndi 32 ku Petauke, anthu angathamangire kunena kuti Nyimba ili pambuyo. Koma ciwerengero ciliconse ca ziwirizi cili ndi mpata wace wa 5, ndipo kusiyana kwa ziwirizo kuli ndi mpata wa pafupifupi 7. Kusiyana kwa 4 kuli mkati mwa mpatawo, kotero kungakhale kwa maere cabe. Cimodzimodzi poyerekeza Nyimba ya caka cino ndi Nyimba ya zaka zisanu zikudzazo: kutsika kocepera 7 sikungalengezedwe ngati cipambano. Ngati colinga ca kufufuza ndi kuona kusintha kwa nchito ya zakudya za ana, ici ciyenera kunenedwa poyamba, cifukwa masamu ace amafuna ana oculukirapo.

Cimodzimodzinso makomo amene akwanira funso limodzi sakwanira mafunso onse. Katemera amayesedwa pa ana a miyezi 12 kufikira 23, amene ali gawo limodzi la magawo asanu a ana osafika zaka zisanu. Pa ana 720 aja padzapezeka pafupifupi 144 a msinkhu umenewu. Mu 2018 ana 75 pa 100 alionse m'dziko anali atalandira katemera yense woyambirira, ndipo pa ciwerengero cotere ana 144 apereka mpata wa pafupifupi 10. Kufufuza komweko kudzakhala kwakuthwa pa kupinimbira ndi kobuntha pa katemera. Okonza ayenera kusankha funso limene ali nalo njala kwambiri, napima makomo molingana ndi ilo. Kugawanso ciwerengero ca boma m'mawodi kapena m'maiko a mafumu ndi kubwerera ku bvuto loyamba lija.

Poonkhetsa ndi posankha

Maboma akalandira makomo ofanana, pamabuka nchito ina pa nthawi yoonkhetsa. Khomo limodzi losankhidwa ku Petauke liimira makomo pafupifupi kawiri kuposa limodzi la ku Nyimba, kotero liu lace liyenera kulemera kawiri. Mwacitsanzo, Nyimba itapezeka ndi 40 ndipo Petauke ndi 31, wosakaniza mapepala onse mosaganiza apeza 35 ndi theka. Wopatsa boma lililonse kulemera kolingana ndi anthu ace apeza 34. Kusiyanaku kuoneka kocepa pa maboma awiri, koma pa dziko lonse, kumene boma la Lusaka lokha lili ndi anthu oposa 2 miliyoni, kuiwala kulemeraku kungapotoze ciwerengero ca dziko kotheratu.

Masamu onsewa aimirira pa lonjezo limodzi, lakuti timadera ndi makomo zasankhidwa mwa maere kucokera m'ndandanda wathunthu. Lonjezoli limasweka mosabvuta m'maboma ngati Nyimba. Midzi ya m'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata imafikika tsiku lililonse, pamene ya kwa Luembe ndi kwa Nyalugwe imabvuta kufikako mitsinje ikadzala. Gulu la ofufuza limene lasiya kadera ka m'cigwa n'kutenga kena ka pafupi ndi mseu lidzabwerera ndi makomo 1,025 okwanira bwino, koma ciwerengero cace cidzakhala ca anthu okhala pafupi ndi msika ndi cipatala. Kuphonya kwa mtundu uwu sikuoneka mu mpata uja wa 5, ndipo sikucepa ngakhale makomo ataonjezedwa kakhumi. Mankhwala ace ndi kukonza ulendo m'cilimwe, kubwerera kawiri kapena katatu pa khomo limene eni ace sanapezeke, ndi kukana kulowetsa khomo la mnansi m'malo mwace. Ofunsa ayeneranso kumva Cinsenga bwino, ndi kuona zaka za mwana pa khadi la kusikelo, pakuti kulakwa kwa miyezi isanu ndi umodzi pa zaka za mwana wamng'ono kungamlembetse wopinimbira ali bwino bwino. Ndandanda nayo imakalamba: kufufuza kwa 2018 kunasankha timadera pa ndandanda wa kalembera wa 2010, pamene Lusangazi anali akali mkati mwa Petauke. Kufufuza kwa maboma kuyenera kuyambira pa ndandanda wa 2022, wotsata malire a lero.

Ilipo njira ina yosafuna makomo cikwi pa boma. Akatswiri amaphatikiza zotsatira za kufufuza kocepa ndi za kalembera, nayerekeza ciwerengero ca boma poona zinthu monga mtundu wa nyumba, madzi ndi maphunziro a makolo. Mwa njira imeneyi panatuluka mapu a umphawi a maboma ndi mawodi a Zambia m'caka ca 2015, ocokera pa ziwerengero za 2010. Njirayi ndi yochipa, koma imayesa kuti maboma ofanana pa nyumba ndi madzi afanananso pa zotsatira. Boma limene lacita cinthu capadera, cabwino kapena coipa, limakokeredwa ku ciwerengero ca anzace, ndipo capaderaco cimazimirira.

Khansala kapena mlembi wa mfumu amene wapatsidwa pepala lonena kuti ana akutiakuti pa 100 m'boma lace ndi opinimbira ali ndi ufulu wofunsa kuti anapimidwa ana angati, m'timadera tingati, ndipo mpata wace ndi wotani. M'mabuku a kufufuza kwa zaumoyo muli kale zizindikiro zomthandiza. Ciwerengero cocokera pa anthu 25 kufikira 49 cimatsekeredwa m'mabulaketi monga cenjezo, ndipo cocokera pa anthu osafika 25 sicilembedwa konse: pamalo pace pamaikidwa kanyenyezi. Kumapeto kwa bukulo kulinso matebulo oonetsa malire a pansi ndi a pamwamba a ziwerengero zazikulu, cigawo ndi cigawo. Pepala la boma limene lilibe nambala ya ana opimidwa kapena malire otere liyenera kubwezedwa kwa amene analilemba kuti akaziikepo lisanalowe m'mapulani a khonsolo.